Dzina la azakhali pabolodi la kumbuyo kwa chithunzi

*"Ndili pa atachimenti ya miyezi itatu pa ofesi ina yobwereketsa ndalama ku Lilongwe. Dzulo madzulo ndinadzijambula ndili pa desiki n'kuika chithunzicho pa sitetasi ya WhatsApp ndi pa Facebook. Usiku mnzanga wandilembera kuti waona dzina la azakhali ake pabolodi limene linali kumbuyo kwanga, pomwe timalemba anthu amene achedwa kubweza ngongole. Pa sitetasi aona anthu 140. Abwana sakudziwa. Ndingofufuta n'kukhala chete? Komanso nthawi zina ndimajambula mafomu a makasitomala kuti ndikamalize ntchito kunyumba. Kodi nazonso n'zolakwika?"*

Achemwali, chithunzicho chichotseni tsopano lino, koma kukhala chete ayi. Abwana anu akuyenera kumva nkhaniyi lero, ndipo aimve kuchokera pakamwa panu. Ndagwira ntchito zaka zambiri m'maofesi a ngongole, ndipo mbali ina ya ntchito yanga yakhala kulandira ndi kuyang'anira achinyamata obwera kudzaphunzira ntchito ngati inuyo. Ndikudziwa mmene mtima ukukugundirani. Tiyeni tiyambe ndi foni imene ili m'manja mwanuyo.

Musanachotse sitetasi, ngati maola ake 24 sanathe, tsegulani mndandanda wa anthu amene aiona ndipo muujambule sikirinishoti mpaka dzina lomaliza. Mndandandawo umapita limodzi ndi sitetasiyo, ndipo ofesi idzafuna kudziwa kuti chithunzicho chafika m'maso mwa ndani. Dziwaninso kuti 140 ndi amene akuoneka okha. Munthu amene anazimitsa Read receipts pafoni pake amaona sitetasi yanu osatulukira pa mndandandawo. Pa Facebook lembani nthawi imene munaika chithunzicho, onani ngati chinali pa Public kapena pa Friends, ndiponso ngati alipo amene wachigawana ndi ena. Mukatero, chotsani konsekonse. Chithunzi choyambirira chimene chili m'foni mwanu chokha musachifufute kaye. Abwana akuyenera kuchiona ndi kuchikulitsa kuti awerenge mayina onse amene akuoneka, chifukwa mnzanuyo waona dzina limodzi limene akulidziwa, pomwe bolodi la ochedwa kubweza silikhala ndi dzina limodzi. Mudzachifufute iwo akuona. Kenako muimbireni mnzanuyo, mum'pemphe kuti asachitumize kwa wina aliyense, ndipo mum'funse moona mtima ngati wauzapo munthu kapena wachisunga. Musakambirane naye za ngongole ya azakhali akewo ngakhale pang'ono. Akafunsa kuti "kodi ndi zingati?", yankho ndi lakuti simungalankhule za kasitomala aliyense.

Kufufuta kokha sikukwanira chifukwa chithunzi chikatuluka m'foni mwanu chimakhala ndi makope amene dzanja lanu silingawafikire. Munthu akaona sitetasi pa foni ya Android, chithunzicho chimatsika n'kukhala kwa kanthawi m'kafoda kobisika ka foni yakeyo, ndipo ambiri ali ndi timapulogalamu tosungira masitetasi a anzawo. Sikirinishoti imatenga kamphindi, ndipo WhatsApp sikuuzani kuti wina wajambula sitetasi yanu. Choncho kungatheke kuti mawa lino mayi aja atulukira pa kauntala atagwira foni ya mdzukulu wawo, n'kufunsa kuti dzina lawo likutani pa intaneti. Abwana akamva nkhaniyi koyamba kuchokera kwa kasitomala wokwiya, funso loyamba limene adzakufunseni ndi lakuti munadziwa liti. Mukadzayankha kuti munadziwa usiku womwewo, mlandu udzakhala utasintha: kulakwitsa kwa mwana wophunzira ntchito kudzasanduka kubisa dala, ndipo ameneyo ndiye amachotsetsa anthu.

Palinso mbali ya malamulo imene simungaione muli pa desiki yanu. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limapatsa munthu aliyense ufulu wosungiridwa chinsinsi. Kuyambira mu 2024 tilinso ndi lamulo lapadera loteteza uthenga wokhudza anthu, ndipo bungwe la MACRA ndi limene linapatsidwa udindo woliyang'anira. Lamuloli limaika mtolo pa ofesi imene inatolera uthengawo. Zinsinsi za anthu zikatuluka, ofesiyo imayenera kudziwitsa bungweli pasanathe maola 72 kuchokera pamene yadziwa, ndipo ngati anthu okhudzidwawo ali pachiopsezo chachikulu, iwonso amayenera kuuzidwa. Kuweruza ngati nkhani yanuyi ikufika pamenepo si ntchito yanu, ndi ya abwana ndi amene amaona zamalamulo pakampanipo. Koma sangaweruze chimene sakuchidziwa, ndipo tsiku lililonse limene mwakhala chete likupatsa chithunzicho mpata woyenda ofesi isanachitepo kanthu.

Pokawauza, musayambe ndi misozi kapena nkhani yaitali. Gogodani, pemphani mphindi zisanu muli awiri, ndipo nenani motere: "Bwana, ndalakwitsa chinthu chokhudza makasitomala ndipo ndabwera kuti mudziwe msanga. Dzulo cha m'ma 4 koloko ndinaika chithunzi changa pa sitetasi ndi pa Facebook. Bolodi la ochedwa kubweza likuoneka kumbuyo. Pa sitetasi aona anthu osachepera 140, ndipo mmodzi wazindikira dzina la m'bale wake. Ndachichotsa m'mawa uno, mndandanda wa amene aona ndi uwu, chithunzi chake ndi ichi." Mukatuluka, lembani zomwezo mwachidule pa imelo ya kuntchito kuti pakhale umboni wa tsiku ndi ola limene munanena. Sindingakulonjezeni kuti sakalipa. Mwina mulandira kalata ya chenjezo, mwinanso auza a kusukulu kwanu. Koma abwana amene apatsidwa nthawi, nambala ndi chithunzi chenicheni amakhala ndi poyambira, ndipo amaona kuti ali ndi munthu amene angam'dalire zinthu zikavuta. Chinthu chimodzi musachite: musapite nokha kwa mayi aja kukapepesa. Mtima wanu ukufuna kutero, ndikudziwa, koma amene ayenera kulankhula nawo ndi ofesi, ndipo ndi ofesi imene isankhe mawu ake.

Mwina mumtima mukuti linali dzina chabe, ndalama sizinaoneke. Apa ndi pamene ophunzira ntchito ambiri amaphonya. Chinsinsi cha kasitomala chimayambira pa mfundo yakuti iyeyo ndi kasitomala. Dzina la munthu pabolodi la ofesi ya ngongole likunena kale zinthu ziwiri, kuti anakongola ndiponso kuti akulephera kubweza. Taganizirani mayi wogulitsa kaunjika amene anatenga ngongole amuna ake osadziwa, n'kuika firiji ya m'nyumba ngati chikole. Kapena amene ali msungichuma wa banki m'khonde kwawo, amene anzake amam'khulupirira ndi ndalama zawo. Nkhani ikangomveka kuti ali pa mndandanda wa ochedwa, pamsonkhano wotsatira amulanda bokosi, ngakhale kuti sanabe tambala ya munthu. Ndipo mzinda wa Lilongwe ndi waukulu pa mapu pokha. Pa anthu 140, wina ndi wa mpingo umodzi ndi munthu wa pabolodipo, wina ndi mlamu wake, wina amachita naye lendi.

Choopsa china ndi akuba a pafoni. Tonse timawadziwa anthu oimba foni n'kumanamizira kuti ndi a kampani yakutiyakuti. Nthawi zambiri amangoponya mwala mumdima. Koma apatseni dzina la munthu, dzina la kampani imene anakongolako, ndi mfundo yakuti wachedwa kubweza, ndiye kuti mwawapatsa zonse zofunika. Adzaimba n'kunena kuti "Mayi, ngongole yanu yapitirira masiku, tumizani theka pa nambala iyi lero kuti tisabwere kudzatenga katundu." Mayiyo adzakhulupirira chifukwa woimbayo akudziwa zimene ofesi yokha ndiyo imayenera kudziwa.

Tsopano za kajambulidwe. Diso lanu pojambula limakhala pankhope panu, pomwe kamera imatola chilichonse mofanana. Kamera wamba ya mamegapikiselo 12 imatulutsa chithunzi cha timadontho pafupifupi 4,000 m'litali ndi 3,000 m'lifupi, ndipo mafoni ambiri masiku ano amaposa pamenepo. Ngakhale WhatsApp imachepetsa chithunzi pochitumiza, zilembo zolembedwa ndi maka pabolodi zimawerengekabe munthu akangokulitsa ndi zala ziwiri. Pakampani ina imene ndinkagwirako kale, mnyamata wophunzira ntchito anajambula mbale ya nsima ndi chambo pa desiki pake. Panalibe bolodi, panalibe fayilo yotsegula. Koma pansi pa mbaleyo anayalapo pepala lotayidwa kuti mafuta asadetse tebulo, ndipo pepalalo linali sitetimenti yosindikizidwa molakwika, dzina ndi nambala ya akaunti zikuonekera m'mphepete mwa mbale. Kuyambira tsiku limenelo ndimauza aliyense wobwera kuti ayang'ane zimene sazilingalira: msana wa fayilo pa shelefu, kapepala komata pa kompyuta pomwe wina analembapo pasiwedi, sikirini ya mnzake wa desiki yoyandikana, galasi la zenera limene likuonetsa sikirini yake yomwe, buku la alendo, ndi nkhope za anthu amene akhala pa benchi kudikira. Nkhope ya munthu pa benchi la ofesi ya ngongole ndi chimodzimodzi dzina lake pabolodi.

Ena amati adzaphimba ndi kachizindikiro koseka kapena kupaka utoto pamwamba. Sindikhulupirira zimenezo. Cholembera china cha m'foni chimapaka utoto woonekera mkati, moti munthu akawonjezera kuwala kwa chithunzi, zilembo zimatulukira. Ndipo umaphimba chokhacho chimene wachiona, pomwe vuto lanu ladza ndi chimene simunachione. Malangizo anga ndi osavuta: m'chipinda chimene muli mafayilo, masikirini kapena makasitomala musajambulemo chilichonse. Ngati mukufuna chithunzi chokumbukira, ndipo palibe cholakwika kufuna kuti amayi anu kumudzi aone kuti mwana wawo wayamba kulowa mu ofesi, pemphani chilolezo, tulukani panja, imani pakhoma lopanda kanthu, ndipo tembenuzani chiphaso cha kuntchito chimene mwavala pakhosi. Mawu olemba pansi pa chithunzi nawonso muziwayeza. Kulemba kuti "lero tathandiza bwana wina wamkulu wa sukulu yotchuka ku Area 25 amene zamuvuta" n'kutchula munthu, ngakhale dzina palibe. Muyeso wake ndi uwu: kodi mnansi wake atawerenga angam'zindikire? Ngati angathe, mwaulula.

Ndisabise, bolodi la mayina a ochedwa kubweza siliyenera kukhala poti aliyense wolowa m'chipindamo n'kuliwerenga. Maofesi osamala amalembapo manambala a mafayilo m'malo mwa mayina, kapena amalipachika m'chipinda chotseka. Limenelo ndi vuto la ofesi, ndipo ndikhulupirira kuti abwana anu aliona okha. Koma lero si tsiku loti inu mulitchule ngati chodzitetezera.

Funso lanu lachiwiri ndi limene likundidetsa nkhawa kwambiri kuposa loyamba, ngakhale mwalifunsa ngati longowonjezera. Fomu ya ngongole imanyamula moyo wonse wa munthu: dzina, nambala ya chiphaso chaunzika, tsiku lobadwa, nambala ya foni, malipiro ake, mapu a kunyumba kwake ojambula pamanja, katundu wa chikole, siginecha, ndiponso mayina ndi manambala a mboni zake, anthu amene sanapondepo n'komwe mu ofesi mwanu. Kawirikawiri kumbuyo kwake kumamatidwa fotokope ya chiphaso chaunzika, mbali zonse ziwiri. M'dziko muno chiphaso chimenechi ndi chimene munthu amalembetsera simu khadi ndi kutsegulira akaunti, choncho chithunzi chake pamodzi ndi siginecha ndi chuma kwa wakuba. Bolodi laulula mayina. Mafomu amene ali m'foni mwanuwo angathe kubetsa anthu.

Tsatirani ulendo wa fomu imodzi yokha. Mwaijambula Lachitatu madzulo. Ngati Backup ya Google Photos ndi yoyatsa, chithunzicho chimakwera ku akaunti yanu foni ikangopeza intaneti, mwina musanatsike n'komwe minibasi. Kuti muchione bwino, mwadzitumizira pa WhatsApp n'kuchitsegula pa laputopu ya achimwene anu, ndiye kuti china chatsala mu Downloads ya laputopuyo. Usiku WhatsApp yasunga makope a macheza anu ku Google Drive. Fomu imodzi yakhala pamalo anayi kapena asanu, ndipo palibe ngakhale amodzi amene ofesi ikuwadziwa kapena ingawatseke. Loweruka mwana wa achemwali anu wabwereka foni kuti aseweretse magemu. Mwezi wamawa sikirini yasweka, mwaisiya kwa okonza mafoni mumsika n'kuwapatsa pini kuti ayese ngati yachira. Kapena yangosololedwa m'chikwama pa depoti. Palibe chachilendo pa zonsezi, zimachitikira aliyense.

Ndiye mukakhala pansi ndi abwana, nenani zonse ziwiri pa ulendo umodzi. Werengani mafomu amene muli nawo, muwauze chiwerengero chake, ndipo muwafufute iwo kapena wa makompyuta akuona. Kufufuta kwenikweni kuli ndi masitepe ake. Mukachotsa mu Gallery, chithunzi chimangosamukira ku Trash kapena Recently deleted, komwe pa mafoni ambiri chimakhala masiku 30. Mu Google Photos, chimene chinakwera kale chimakhala mu Trash mpaka masiku 60. Lowani m'menemo muchotse kotheratu. Pitani pa macheza a WhatsApp pomwe munadzitumizira, chotsani, kenako yang'anani mu foda ya WhatsApp Images ndi ya Sent. Malizani ndi laputopu ija, mu Downloads ndi mu Recycle Bin. Ngati munatumizirapo mnzanu wa kuntchito, Delete for everyone imagwira kwa masiku awiri okha kapena kupitirira pang'ono, choncho zakale muyenera kum'pempha kuti achotse yekha inu muli pomwepo.

Ndikudziwa chimene chimachititsa. Ntchito yolowetsa mafomu m'kompyuta imaunjikidwa pa wophunzira, magetsi amazima masana, ndipo mukufuna kuoneka wakhama kuti mwina akulembeni ntchito pamapeto. Nthawi zinanso ndi wogwira ntchito wakale amene amakuuzani kuti "ingojambula unditumizire pa WhatsApp." Akatero, yankhani mwaulemu kuti, "Achimwene, ndingakonde ndiisikane pa makina a ofesi ndikutumizireni pa imelo ya kuntchito, kapena ndikubweretsereni fayiloyo." Akaumirira, funsani amene amakuyang'anirani kuti njira yovomerezeka ndi iti, ndipo yankho lake likhale lolembedwa. Ntchito ikachuluka, kunena kuti "mafomu 20 atsala, ndimaliza mawa m'mawa" kulibe mlandu. Ngati ofesi ikufunadi kuti muzigwirira kunyumba, ikupatseni chipangizo chake ndi chilolezo chake.

Pali malo ena awiri pomwe zinsinsi zimatulukira kwa anthu a pa atachimenti, ndipo onse mukumana nawo miyezi itatuyi isanathe. Oyamba ndi lipoti la kusukulu. Aphunzitsi amafuna umboni wa zimene mwaphunzira, ndipo ophunzira ambiri amamata kumapeto kwa lipoti fomu yodzazidwa kapena sikirinishoti ya pulogalamu ya ofesi, mayina ali mbee. Lipotilo limadutsa kwa wotayipa, kwa wosindikiza ndi womanga mabuku, kenako limakakhala pa shelefu ya dipatimenti kwa zaka. Pemphani fomu yosalembapo kanthu, muidzaze ndi munthu wongopeka ndi ndalama zongopeka, mulembe pamwamba kuti ndi chitsanzo, ndipo abwana aliwerenge lipoti lonse lisanatuluke pakhomo. Achiwiri ndi pakamwa. Mu minibasi, ku saluni, pa gulu la WhatsApp la anzanu a m'kalasi pomwe aliyense akusimba za kumene ali, nkhani ya kasitomala imakoma kukamba. Kunyumba ndiye kovuta kwambiri, chifukwa tsiku lina amalume adzakufunsani ngati uje amene akufuna kuchita naye bizinesi ali ndi ngongole kwanuko. Kukana munthu wamkulu n'kolemera, koma mawu ake alipo: "Amalume, pepani, za makasitomala sindiloledwa kunena, ngakhale kungovomera kuti munthu ndimamudziwa. Zanunso ndikanazisunga chimodzimodzi." Ndipo musatsegule n'komwe fayilo ya munthu amene simunapatsidwe kuti mugwirepo ntchito. Mapulogalamu ambiri a m'maofesi a ndalama amalemba dzina la aliyense amene watsegula akaunti ndi nthawi yake, moti kungosuzumira chabe kumasiya mapazi. Pa chifukwa chomwecho, mukamanyamuka pa desiki ngakhale kupita kukamwa madzi, dinani `Windows + L` kuti wina asagwiritse ntchito dzina lanu.

Funsaninso kope la pepala losunga chinsinsi limene mwina munasayina tsiku loyamba pamodzi ndi mapepala ena ambirimbiri. Liwerengeni usiku uno mofatsa. Ambiri mwa mapepala amenewa amanena kuti udindowo umapitirira ngakhale atachimenti itatha, ndipo ena amatchula munthu weniweni amene muyenera kumuuza zinthu zikatayika. Ngati lanu likutchula munthu wotero, imelo ija ipite kwa iyenso. Ngati simunasayine kalikonse, udindo ulipobe, chifukwa mayi aja anapereka dzina lawo ku ofesi pokhulupirira aliyense wokhala m'katimo, wolembedwa ntchito ndi wophunzira yemwe. Pokalowa kwa abwana tengani foni, sikirinishoti ya mndandanda uja, ndi kapepala kamene mwalembapo nthawi zitatu: imene munaika chithunzi, imene mnzanu anakulemberani, ndi imene munachichotsa.